Kuchonga samu ya kuchulukitsa matirikisi pa chithunzi cha pafoni: mafunso ndi mayankho

Ophunzira ambiri masiku ano akasova samu m'kope amaijambula pafoni n'kutumizira aphunzitsi awo, mkulu wawo wa ku koleji kapena mnzawo wa m'kalasi kuti awachongere. Pa kuchulukitsa matirikisi, ntchito imeneyi imafuna diso lakuthwa, chifukwa nambala iliyonse imagwira ntchito malinga ndi malo amene yakhala, ndipo chithunzi chingasokoneze malowo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavuta munthu amene walandira chithunzi chotere. Tiyenda ndi samu imodzi kuyambira poyamba mpaka tipeze pamene wolembayo anaphonya ndi chimene chinamuphonyetsa. Manambala oyenda chopingasa tiziwatchula mzere, ndipo otsika kuchokera pamwamba tiziwatchula kolamu.

Chithunzi chafika pafoni. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kuchulukitsa. Tengani pepala lanu ndipo mukoperepo matirikisi zonse, ziwiri za m'funso ndi ya yankho, nambala iliyonse pamalo pake. Pokopera ndi pamene mudzaone ngati chithunzicho chikuwerengeka kapena ayi. Foni ikajambula chopendekeka, makolamu amatsetsereka, moti nambala ya mzere wachiwiri imaoneka ngati ili pansi pa inzake ya kolamu ina. Manambala awiri olembedwa moyandikana, monga 1 ndi 2, amaoneka ngati 12. Komanso alipo manambala amene amafanana m'malembedwe a anthu ambiri: 1 ndi 7, 4 ndi 9, 0 ndi 6.

Chimene chimasowa kawirikawiri kuposa zonse ndi mainasi. Ndi kamzere kafupi kopingasa, ndipo kope lili kale ndi mizere yopingasa. Wophunzira akalemba ndi pensulo, mainasi n'kugwera pamzere wa kope, pachithunzi simuiona. Ina imabisala m'mphepete mwa bulaketi, ina imalowa mumthunzi wa dzanja la wojambula. Kulitsani chithunzicho ndi zala ndipo muyang'ane kutsogolo kwa nambala iliyonse.

Ngati pali nambala imene mukuikayikira, musaganizire. Pemphani chithunzi china chojambulidwa pamalo owala, foni ili pamwamba penipeni pa tsamba, ndipo funso lenilenilo lionekenso, osati zimene wophunzira anakopera zokha. WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa mwa masiku onse, koma chikatumizidwa ngati fayilo chimafika mmene chinajambulidwira, ndipo timizere ta mainasi timaoneka bwino.

Samu imene tigwiritse ntchito ndi iyi, pamodzi ndi yankho la wophunzira:

```
A = [ 2  -1   3 ]     B = [  1   5 ]
    [ 0   4  -2 ]         [ -3   2 ]
                          [  4  -1 ]

AB = [  11    5 ]
     [ -20   10 ]
```

Ndidziwa bwanji kuti matirikisi ziwirizi zingachulukitsidwe?

Werengani mizere ndi makolamu a iliyonse, ndipo mulembe mizere poyamba, makolamu pambuyo. Ameneyu ndiye oda wa matirikisi. A ili ndi mizere 2 ndi makolamu 3, choncho oda wake ndi 2 × 3. B ili ndi mizere 3 ndi makolamu 2, ndiye kuti 3 × 2. Zilembeni moyandikana m'dongosolo limene funso lapereka:

```
(2 × 3)(3 × 2)  →  2 × 2
```

Manambala awiri a pakati ayenera kufanana. Pano onse ndi 3, choncho kuchulukitsa n'kotheka. Awiri a kunjawo ndi amene amanena kukula kwa yankho: mizere 2 ndi makolamu 2. Yankho la wophunzira wathu ndi 2 × 2, ndiye kuti mbali imeneyi wakhoza.

Anthu ambiri amaganiza kuti matirikisi ziwiri ziyenera kukhala zofanana kukula kuti zichulukitsidwe. Lamulo limenelo ndi la kuphatikiza ndi kuchotsera. Matirikisi ziwiri za 2 × 3 mungaziphatikize, koma simungazichulukitse, chifukwa manambala a pakati ndi 3 ndi 2. Mukaona patsamba kuti wina wapeza yankho pa samu yotere, dziwani kuti wagwiritsa ntchito njira yolakwika, ndipo palibe chifukwa chowerengera nambala iliyonse. Koma musanagamule, bwererani ku chithunzi muone ngati m'mphepete mwa tsamba simunadulidwe. Matirikisi ya makolamu atatu ikadulidwa kumanja imaoneka ngati ya makolamu awiri. Bulaketi yotsekera ikapanda kuoneka pachithunzi, n'kutheka kuti pali kolamu imene simukuiona.

N'chifukwa chiyani timatenga mzere ndi kolamu? Bwanji osangochulukitsa manambala amene ali pamalo ofanana?

Taganizani za mabanja awiri amene akufuna shuga, mchere ndi sopo, ndi magolosale awiri amene ali ndi mitengo yosiyana. Matirikisi yoyamba ikhale ndi mzere umodzi pa banja lililonse, wonena kuchuluka kwa katundu amene likufuna. Yachiwiri ikhale ndi kolamu imodzi pa golosale iliyonse, yonena mitengo. Tiyerekeze kuti banja loyamba likufuna mapaketi 2 a shuga, paketi 1 ya mchere ndi sopo 3, ndipo pagolosale yoyamba mitengo yake ndi K3,000, K500 ndi K800. Ndalama zimene lilipire ndi 6,000 kuphatikiza 500 kuphatikiza 2,400, zonse pamodzi K8,900. Nambala imodzi imeneyi yachokera ku mzere wonse wa banja ndi kolamu yonse ya golosale, ndipo malo ake m'yankho ndi mzere woyamba, kolamu yoyamba.

Apa ndi pamene pachokera lamulo la manambala a pakati lija. Katundu aliyense ayenera kukhala ndi mtengo wake. Mzere ukakhala ndi zinthu zitatu koma kolamu n'kukhala ndi mitengo iwiri, chinthu chimodzi chisowa chochulukitsa nacho. Yankho nalo limatuluka ndi mzere pa banja lililonse ndi kolamu pa golosale iliyonse, ndiye chifukwa chake limatenga manambala a kunja. Njira imeneyi ndi yakale ndithu. Katswiri wa masamu wa ku England, Arthur Cayley, anaifotokoza mwadongosolo m'zolemba zake za matirikisi za mu 1858.

Tsono nambala iliyonse ya m'yankho ndiichonge motani?

Yambirani ku yankho, osati ku funso. Lozani nambala imodzi ya m'yankho ndipo mudzifunse kuti ili mumzere uti ndi m'kolamu iti. Mzerewo mukautenge ku A, kolamuyo mukaitenge ku B. Chala chakumanzere chiyende chopingasa pa A, chakumanja chitsike pa B, zonse zikusuntha nthawi imodzi. Pamene zaima, chulukitsani manambala awiriwo, ndipo pomaliza muphatikize zimene mwapeza. Zala zonse ziwiri ziyenera kufika kumapeto limodzi. China chikatsala m'mbuyo ndiye kuti mwalumpha nambala.

Lembani chilichonse, ndipo nambala ya mainasi muziike m'mabulaketi:

```
(1,1):  2×1 + (-1)×(-3) + 3×4     =  2 + 3 + 12  =  17
(1,2):  2×5 + (-1)×2 + 3×(-1)     =  10 - 2 - 3  =   5
(2,1):  0×1 + 4×(-3) + (-2)×4     =  0 - 12 - 8  = -20
(2,2):  0×5 + 4×2 + (-2)×(-1)     =  0 + 8 + 2   =  10
```

Onani kuti 0 nayenso tamulemba. Anthu ambiri amamudumpha poganiza kuti alibe ntchito, ndipo podumphapo chala chimodzi chimasuntha chinzake chili chiimire, n'kupezeka kuti 4 wachulukitsidwa ndi 1 m'malo mwa −3. Malo aliwonse a yankho akhale ndi zidutswa zitatu, chifukwa nambala ya pakati ija ndi 3. Ngati pachithunzi mukuona malo amene ali ndi zidutswa ziwiri zokha, muyang'anitsitse pamenepo.

Manambala atatu agwirizana ndi a wophunzira: 5, −20 ndi 10. Pakona yakumanzere pamwamba ife tapeza 17, iye analemba 11.

Langizo limodzi pano ndi lakuti musove nokha musanawerenge njira ya wophunzirayo. Mukayamba ndi kutsatira zimene analemba, diso limangovomereza, ndipo mumagwera m'dzenje lomwe iye anagweramo.

Ine ndapeza 17, iye 11. Ndidziwa bwanji chimene chinalakwika, makamaka ngati sanalembe njira yake?

Funso limeneli ndi limene lili ndi phindu lalikulu kwa wochonga, chifukwa malo amene zolakwika zagwera amanena okha chimene chinachitika. Yambani ndi kusiyana kwa manambala awiriwo. Kuchoka pa 17 kufika pa 11 ndi 6. Tsopano yang'anani zidutswa zitatu zija, 2, 3 ndi 12, ndipo muone ngati pali chimene chili theka la 6. Chilipo, ndi 3. Munthu akatembenuza chizindikiro cha chidutswa chimodzi, yankho limasuntha ndi kawiri ka chidutswacho, chifukwa wachotsa chimene anayenera kuphatikiza. Ndiye kuti wophunzirayu anawerengera 2 − 3 + 12 n'kupeza 11. Kusiyana kukanakhala 3 yekha, tikanaganiza kuti chidutswacho anachiiwala.

Koma pali njira zitatu zimene −3 ameneyu akanabwerera, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Mwina anakopera −1 wa mu A ngati 1. Mwina anakopera −3 wa mu B ngati 3. Kapena anakopera bwino zonse koma anaiwala kuti mainasi kuchulukitsa ndi mainasi zimapereka pulasi. Manambala ena a m'yankho ndi amene aweruze.

Nambala iliyonse ya mu A imagwira ntchito mumzere wonse wa yankho. Akanakopera −1 ngati 1, malo oyandikana nawo akanalakwikanso: akanapeza 10 + 2 − 3, amene ndi 9. Koma iye analemba 5, ndiye kuti −1 anamuona bwino. Nambala iliyonse ya mu B imagwira ntchito m'kolamu yonse ya yankho. Akanakopera −3 ngati 3, nambala ya pansi pake ikanakhala 0 + 12 − 8, amene ndi 4. Koma iye analemba −20, ndiye kuti −3 nayenso anamuona. Chatsala ndi chachitatu chija: anapunthwa pa lamulo la mainasi awiri, ndipo anapunthwa kamodzi kokha, pakuti pa malo omaliza, pamene (−2) × (−1) akupezeka, anakhoza.

Kalondolondo ameneyu amagwira ntchito pa matirikisi za kukula kulikonse. Nambala imodzi yokha ikalakwika, nthawi zambiri vuto ndi kuwerengera. Mzere wonse ukalakwika pamene ina ili bwino, kayang'aneni mzere womwewo mu matirikisi yoyamba. Kolamu yonse ikalakwika, kayang'aneni kolamu yomweyo mu yachiwiri. Chongosamala n'chakuti nambala yokopera molakwika ikakumana ndi 0 siisiya chizindikiro pamalo amenewo, choncho mzere ungakhale ndi nambala imodzi yolondola ngakhale unakoperedwa molakwika.

Lamulo lomweli likuyang'ananso inu wochonga. Mukasiyana ndi wophunzira pa mzere wathunthu kapena kolamu yathunthu, musafulumire kumuimba mlandu. N'kutheka kuti ndi inu amene simunaone mainasi pachithunzi. Kulitsaninso malo amenewo musanayankhe.

Kodi pali njira yachidule yochongera popanda kusovanso samu yonse?

Ilipo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ophunzira ambiri samaidziwa, chifukwa angathe kudzichongera nayo okha m'chipinda cha mayeso. Phatikizani manambala a mzere uliwonse wa B. Mzere woyamba 1 ndi 5 apereka 6, wachiwiri −3 ndi 2 apereka −1, wachitatu 4 ndi −1 apereka 3. Mwapeza kolamu imodzi ya 6, −1, 3. Chulukitsani A ndi kolamu imeneyi:

```
2×6 + (-1)×(-1) + 3×3  =   22
0×6 + 4×(-1) + (-2)×3  =  -10
```

Ngati yankho lili lolondola, manambala a mzere wake woyamba akaphatikizidwa apereke 22, ndipo a mzere wachiwiri apereke −10. Kwa wophunzira wathu, −20 ndi 10 akupereka −10, ndiye mzere wachiwiri wadutsa. Koma 11 ndi 5 akupereka 16, osati 22. Cholakwika chili mumzere woyamba.

Mungachitenso chimodzimodzi ndi makolamu. Nthawi ino phatikizani kolamu iliyonse ya A chotsika, ndipo mupeza mzere wa 2, 3, 1. Chulukitsani mzere umenewu ndi B. Kolamu yoyamba ipereka 2 − 9 + 4, amene ndi −3, ndipo yachiwiri ipereka 10 + 6 − 1, amene ndi 15. M'yankho la wophunzira, 5 ndi 10 akupereka 15, zili bwino. Koma 11 ndi −20 akupereka −9, osati −3. Cholakwika chili m'kolamu yoyamba. Pamene mzere woyamba wakumana ndi kolamu yoyamba ndi pomwe pali 11 uja. Mayeso onse awiri aperewera ndi 6, ndipo 11 kuphatikiza 6 ndi 17.

Chifukwa chimene njirayi imagwirira ntchito si chovuta. Kuphatikiza manambala a mzere n'chimodzimodzi ndi kuchulukitsa matirikisi ndi kolamu ya ma 1 okhaokha, imene tiitchule x. Tsono kuchulukitsa matirikisi kumalola kusuntha mabulaketi malinga ngati dongosolo silinasinthe: (AB)x ndi chimodzimodzi ndi A(Bx). Mbali imodzi imagwiritsa ntchito yankho la wophunzira, inayo siligwiritsa, choncho zikasiyana ndiye kuti yankho lili ndi vuto.

Pa samu yaing'ono ngati yathuyi phindu lake ndi lochepa, chifukwa samu yonse imafuna kuchulukitsa ka 12 ndipo mayeso a mizere amafuna ka 6. Pa matirikisi ziwiri za 3 × 3, samu yonse ndi ka 27 pamene mayeso ndi ka 9. Pa 4 × 4 ndi ka 64 poyerekeza ndi ka 16. Mphunzitsi amene walandira zithunzi za masamu osiyanasiyana aona kusiyanako.

Mayeso amenewa akagwirizana, ndiye kuti yankho lonse ndi lolondola?

Ayi. Akasiyana, n'zotsimikizika kuti penapake palakwika, kaya m'yankho kaya m'mayeso anuwo. Koma akagwirizana, zolakwika zina zingakhale zitabisala. Wophunzira atasinthanitsa malo n'kulemba 5 ndi 17 m'malo mwa 17 ndi 5, mzerewo uperekabe 22. Chimenechi mayeso a makolamu angachigwire. Koma taonani yankho ili:

```
[  18    4 ]
[ -21   11 ]
```

Manambala onse anayi ndi olakwika, komabe mizere ikupereka 22 ndi −10, makolamu akupereka −3 ndi 15. Zolakwikazo zafafanizana. Sizichitika kawirikawiri pa ntchito ya pamanja, koma n'zotheka.

Njira yotsekera mpata umenewu ndi kusiya ma 1 okhaokha n'kugwiritsa ntchito manambala osiyana. Tengani kolamu ya 1 ndi 2, kutanthauza kuti nambala yachiwiri ya mzere uliwonse muziiwerenga kawiri. Mizere ya B ipereka 11, 1 ndi 2. A ikachulukitsidwa ndi kolamu imeneyi ipereka 22 − 1 + 6, amene ndi 27, ndiponso 0 + 4 − 4, amene ndi 0. Yankho lolondola likugwirizana nazo, pakuti 17 kuphatikiza 10 ndi 27, ndipo −20 kuphatikiza 20 ndi 0. Yankho lachinyengo lija likupereka 18 ndi 8, amene ndi 26, ndipo lagwidwa. Losinthanitsa malo lija likupereka 39.

Nzeru imeneyi imagwiritsidwanso ntchito pa makompyuta. Mu 1977 katswiri wa ku Latvia, Rūsiņš Freivalds, anaonetsa kuti mukasankha kolamu ya ma 0 ndi ma 1 mwamwayi, yankho lolakwika lili ndi mwayi wosapitirira theka wodutsa mayeso amodzi. Mukabwereza ndi makolamu atsopano, mwayiwo umachepa ndi theka nthawi iliyonse, moti pakatha maulendo 10 umakhala wochepera 1 pa 1,000.

Nanga manambala onse akakhala olakwika?

Pamenepo vuto si kuwerengera koma njira, ndipo njira zolakwika zodziwika ndi zitatu. Zimabisala kwambiri pa matirikisi za 2 × 2, zimene ndi zofala m'masamu a ku sekondale, chifukwa njira ina iliyonse imatulutsa yankho la kukula koyenera. Tengani chitsanzo ichi:

```
P = [ 1  2 ]   Q = [ 5  6 ]   PQ = [ 19  22 ]
    [ 3  4 ]       [ 7  8 ]        [ 43  50 ]
```

Yang'anani nambala yoyamba yokha ya yankho la wophunzira. Ikakhala 5, ndipo enawo n'kukhala 12, 21 ndi 32, ndiye kuti wachulukitsa manambala a pamalo ofanana, kutengera mmene amaphatikizira matirikisi. Ikakhala 17, ndiye kuti watenga mzere ndi mzere, 1 × 5 kuphatikiza 2 × 6, ndipo enawo akhala 23, 39 ndi 53. Ikakhala 23, pamodzi ndi 34, 31 ndi 46, ndiye kuti njira akuidziwa koma wasintha dongosolo, wasova QP m'malo mwa PQ.

Wachitatuyu ndi wosiyana kwambiri ndi awiri oyambawo, ndipo si bwino kuwachonga mofanana. Iye wangotengera chizolowezi cha manambala wamba, kumene 3 × 4 ndi 4 × 3 n'chimodzi. Pa matirikisi nthawi zambiri sizitero. Samu yathu yoyamba ikuonetsa zimenezi poyera: AB ndi 2 × 2, koma BA ndi (3 × 2)(2 × 3), imene imatuluka 3 × 3. Chithunzi chikaonetsa manambala asanu ndi anayi pamene mumayembekezera anayi, mwadziwa kale chimene chachitika. Pali ina yachinayi yosavuta kuizindikira: manambala onse olondola alipo, koma 22 ndi 43 asinthana malo. Ameneyo wawerengera bwino, koma polemba anatsika pamene anayenera kupita chopingasa.

Ena amati ditaminanti ndi yokwanira pochonga. Ndi zoona?

Imathandiza, koma si yokwanira. Pa matirikisi zimene mizere ndi makolamu ndi ofanana kuchuluka, ditaminanti ya PQ iyenera kufanana ndi ditaminanti ya P kuchulukitsa ndi ya Q. Pachitsanzo chathu, ya P ndi 4 − 6, amene ndi −2, ya Q ndi 40 − 42, amenenso ndi −2, ndipo zikachulukitsidwa zipereka 4. Ya yankho lolondola ndi 950 − 946, amene ndi 4. Zagwirizana. Cholakwika cha nambala imodzi chimagwidwa nthawi zambiri, ndipo yankho la 5, 12, 21, 32 lija likupereka −92.

Koma yesani mayankho ena olakwika aja. La QP lipereka 1,058 − 1,054, amene ndi 4. La mzere ndi mzere lipereka 901 − 897, amenenso ndi 4. Ngakhale losinthanitsa 22 ndi 43 lipereka 4. Zolakwika zitatu mwa zinayi zikudutsa bwinobwino. Zili choncho chifukwa ditaminanti siisintha mukasintha dongosolo la kuchulukitsa, kapena mukasandutsa mizere kukhala makolamu. Komanso pa A ndi B zathu zija palibe ditaminanti n'komwe, chifukwa mizere ndi makolamu ake sizofanana kuchuluka. Mayeso ophatikiza mizere amagwira zonse zinayi: mizere ya Q ndi 11 ndi 15, ndipo P ikachulukitsidwa nazo ipereka 41 ndi 93. Mizere ya QP ikupereka 57 ndi 77, ya mzere ndi mzere 40 ndi 92, ya losinthanitsa lija 62 ndi 72.

Bwanji osangolowetsa manambalawo m'kompyuta?

Mungatero. Mu Excel, mukaika A m'mabokosi A1 mpaka C2 ndi B m'mabokosi E1 mpaka F3, lembani izi:

```
=MMULT(A1:C2,E1:F3)
```

Makolamu a yoyamba akapanda kufanana ndi mizere ya yachiwiri, imalemba #VALUE! m'malo mwa yankho. Kuwerengera kwake mungakukhulupirire, koma imawerengera zimene mwaipatsa. Mukawerenga 7 ngati 1 pachithunzi, kompyuta ipereka yankho la samu ina, ndipo mudzauza mwana kuti walakwa atakhoza. Choncho ntchito yokopera mosamala ija ikhalapobe. Ndiponso kompyuta ingokupatsani 17. Kupeza kuti 11 anachokera ku mainasi awiri ndi ntchito yanu.

Ndikapeza cholakwika, ndimuyankhe bwanji wophunzirayo?

Kumutumizira matirikisi yolondola kumathetsa samu imodzi yokha, ndipo kungolemba kuti walakwa kumamuchititsa kufufuta tsamba lonse, ndi zimene anakhoza zomwe. Muuzeni zimene zili bwino, mutchule malo a cholakwika ndi mzere ndi kolamu, ndipo mumusiyire kukonza. Kwa wathuyu mungalembe motere: "Oda wakhoza, ndipo manambala atatu ali bwino. Bwerera pa mzere woyamba, kolamu yoyamba. Lemba zidutswa zonse zitatu ndi mabulaketi, ndipo uyang'anitsitse chapakaticho." Ngati foni yanu imalola kulemba pachithunzi, zungulizani 11 uja, mulembe mzere pansi pa 2, −1, 3 ndi wina m'mbali mwa 1, −3, 4, n'kumubwezera.

Yankho lisinthe malinga ndi chimene mwapeza. Wophonya mainasi kamodzi amangofunika chizolowezi cha mabulaketi. Wokopera molakwika aphunzire kuyerekeza kope ndi funso asanayambe kusova. Wosintha dongosolo azilemba oda wa matirikisi zonse ziwiri pansi pake nthawi zonse. Koma wochulukitsa manambala a pamalo ofanana sanamvebe njira yeniyeniyo, ndipo kumukonzera nambala sikungamuthandize. Ameneyo mupatseni samu ya 2 × 3 ndi 3 × 2, imene njira yake ija singagwire n'komwe, ndipo muyambe naye pa mzere umodzi ndi kolamu imodzi mpaka atulutse nambala imodzi yekha. Akatumiza chithunzi chachiwiri, mupempheni kuti pansi pa yankho alembeponso mayeso ophatikiza mizere, 22 ndi −10, kuti muone ngati wayamba kudzichongera yekha.